Dzanja likudumpha posintha FK ndi IK, kapu nayo ikuthawa

"Ndili pa Blender. Ndikachoka pa FK kupita pa IK kuti munthu wanga agwire kapu, dzanja limadumpha. Akaisiya, kapuyo imabwerera pomwe inali poyamba. Thandizeni abale."

Achimwene, mwandikumbutsa zowawa. Yambani mwaona kuti kapuyo mwaimangirira ku fupa liti, chifukwa ine zinandionetsa zakuda pomwepo.

Ndinapatsidwa rigi yopangidwa ndi munthu wina, ntchito yake mmisiri atsamire tebulo, atole hamala, amenye msomali, kenako aiike pansi. Potsamira ndinali pa IK kuti dzanja lisasunthe thupi likamagwedera, pomenya ndinafuna FK kuti mkono uzungulire bwino kuchokera paphewa. Mkulu wopanga rigi uja anali atamangirira hamala ku kontirolo ya dzanja ya IK. Nditangolowa FK, mkono wanyamuka, hamala yatsala m'malere pamwamba pa tebulo, mmisiri akumenya msomali ndi chibakera. Batani lofananitsa mkono wa FK ndi wa IK sanaikemo. Ndiye ndinayamba kufananitsa pamanja, dzanja likwane, chigongono chathawa, chigongono chikwane, dzanja lapotoka. Usiku wonse, m'mawa ntchito ikufunika. Nditalowa mu Edit Mode ndinapeza kuti fupa la pakati pa chigongono ndi dzanja la FK ndi lalitali kuposa la IK, Roll nayonso yosiyana. Mikono yotero siingafanane ngakhale mutalira. Nditamuuza, akuti vuto ndi ine sindidziwa animeshoni. Ndalama zake anali atalandira kale. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa amene ananyozeka pamaso pa mwini ntchito ndi ine.

Tsono inu, kapu imangirireni ku fupa lomwe limatsata mikono yonse iwiri. Ngati muli pa Rigify ndi DEF-hand.R, osati hand_ik.R.

Kudumpha kwa dzanja kumabwera chifukwa mkati muli mikono iwiri yosaoneka, wa FK ndi wa IK, ndipo siwichi imangosankha woti mkono weniweni utsate. Wina ukakhala kutali, dzanja lithamangira komweko. Tinene mukusintha pa fulemu 48. Pa 47 ikani kiyi pa mafupa onse a FK, pa hand_ik.R, pa kontirolo ya chigongono ndi pa siwichi ya IK_FK ili pa 1, kutanthauza FK. Pitani pa 48, dinani batani lomwe limakokera IK pomwe pali FK, tsitsani IK_FK ifike pa 0, muikenso makiyi. Mafulemu awiri oyandikana basi. Musalole siwichi itsike pang'onopang'ono mafulemu khumi, chifukwa pakatipo mkono umakhala theka uku theka uko, chigongono chimayenda mokhota. Mu Graph Editor makiyi a siwichiyo akhale Constant. Mukatero yendani 47, 48, 47, 48 mukuyang'ana chigongono osati dzanja lokha, ndi chimene chimaulula. Komanso musasinthe mkono uli wowongoka kwathunthu, IK imagwedeza chigongono pamenepo. Upindeni pang'ono.

Za kapu kubwerera, konsitirenti ya Child Of yomwe imamangirira kapu ku dzanja siisintha manambala a Location a kapuyo, imangoinyamula. Influence ikafika pa 0, kapu ibwerera ku manambala ake akale. Potola, tinene pa 60: pa 59 Influence 0 ndi kiyi, pa 60 Influence 1 ndi kiyi, ndipo Set Inverse muidine muli pa 60 pomwepo, zala zitagwira kale kapu. Posiya pa 90: pa 89 ikani kiyi pa Influence ili pa 1 ndi pa Location ndi Rotation ya kapu. Pa 90 dinani kabatani ka X kali pambali pa Influence, kamazimitsa konsitirenti koma kapu n'kutsala pomwe ikuoneka. Pomwepo ikani kiyi pa Influence, Location ndi Rotation. Mukaiwala makiyi a pa 89 muona kapu ikutsetsereka m'manja kuyambira kutali.

Child Of imodzi imasunga Set Inverse imodzi yokha. Akatolanso kachiwiri pamalo ena, onjezani Child Of ina, mukadinanso pa yoyambayo kutola koyamba kuja kwawonongeka. Ndipo musamangirire dzanja ku kapu, kapu ku dzanja nthawi imodzi, Blender idzadandaula za Dependency cycle ndipo chimodzi chizichedwa.

Koma kunena zoona, pa kapu chabe ine sindingasinthe n'komwe. Khalani pa IK shoti yonse, muzikonza njira ya dzanja ndi Motion Paths kuti isayende ngati yojambula ndi rula. Ndipo musafulumire kunyoza wopanga rigi, nthawi zambiri rigi imakhala bwinobwino, vuto ndi makiyi. Komabe tsegulani Edit Mode muyeze mafupawo musanayambe.