Kutchula chikalata cha chipatala m'kalata yopempha tchuthi

Funso: "Ndimagwira ntchito ku Ulongwe, ku Mozambique. Adokotala andipatsa chikalata choti ndipume masiku 5. Kodi ndingochiyika mu envulopu limodzi ndi kalata yanga, kapena ndichitchulenso m'kalatamo?"

Achimwene, chitchuleni ndithu. Pepala loyenda lopanda kutchulidwa likasochera pa desiki, palibe chosonyeza kuti munalipereka.

Mukatha kunena chifukwa chopemphera tchuthi, onjezani chiganizo chonga ichi: "Ndaphatikiza chikalata cha chipatala cholembedwa pa 12 Meyi, chosonyeza kuti ndipume masiku 5, kuyambira pa 12 mpaka pa 16 Meyi." Chiganizochi chikunena mtundu wa pepalalo, tsiku limene linalembedwa ndi masiku opuma. Dzina la matenda musalilembe, nkhani imeneyo ndi ya inu ndi adokotala. Popeza makalata a ku ofesi kuno timalemba m'Chipwitikizi, pansi pa siginecha yanu ikani mzere uwu:

```
Em anexo: atestado médico
```

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa masiku. Chikalata chikati mpaka pa 16, inu nkulemba pa 18 poganiza kuti Loweruka ndi Lamlungu sawerenga, abwana adzaona kusiyanako ndipo kalata ikhoza kubwezedwa. Koperani masikuwo monga momwe alili. Musanachoke kuchipatala yang'anitsitsaninso ngati chidindo ndi siginecha ya adokotala zilipo, komanso ngati dzina lanu lalembedwa mofanana ndi la pa chiphaso chanu. Ine zimandiwawa kuona munthu wodwala akukweranso njinga kubwerera kuchipatala chifukwa cha chidindo chokha.

Mangani mapepalawo ndi sitepula, kalata pamwamba, chikalata pansi. Jambulitsani zonse ziwiri, ndipo wolandirayo asayine ndi kulemba tsiku pa kope lanu lotsala nalo.