Uthenga wanu unawapatsa chilolezo choti asagwire ntchitoyo

"Abale ndithandizeni. Ndangokwezedwa kumene kukhala manijala pa loji ina kuno ku Mangochi, ndipo wosunga sitolo ndi bambo wamkulu kuposa ine. Lolemba ndinawalembera pa WhatsApp kuti: 'Mwadzuka bwanji bambo? Pepani kwambiri kukuvutitsani, ndikudziwa muli ndi zambiri. Ndimati mwina ngati nkotheka, mukapeza kampata, tikanaonako katundu wa m'sitolo muja. Koma ngati mwatanganidwa musadandaule. Pepani zedi.' Anangoti 'Chabwino madamu', koma lero ndi Lachinayi palibe chachitika. Kodi akundiderera? Ndiwauze bwanji osaoneka wamwano?"

Achemwali, ine sindikuona kudererana apa. Bambowo anachita ndendende zomwe munawauza. Munati akapeza mpata, ndiye mpatawo sanaupeze. Munati asadandaule, ndiye sakudandaula. Wosunga sitolo pa loji amakhala pa mpanipani, uku akukhitchini akufuna mafuta ophikira, uku akubala akufuna makireti, uku wansomba wafika ndi chambo akudikira sikelo. Onsewo amanena chomwe akufuna ndi nthawi yake. Uthenga wanu wokha ndi umene unabwera utanena kale kuti ukhoza kudikira, ndiye unaikidwa pansi pa zonse.

Chomwe chimatisokoneza ambiri n'chakuti timasakaniza zinthu ziwiri. Pali mawu osonyeza ulemu, ndiye pali mawu opatsa munthu ufulu wokana. Ulemu munaupereka kale wokwanira pamene munapereka moni, munawatchula kuti bambo, n'kuwalankhula ndi "mu" osati "u". Izi musazichotse ngakhale tsiku limodzi. Koma "ngati nkotheka", "mukapeza kampata", "mwina" ndi "musadandaule" si ulemu ayi. Ndi zitseko zotulukira, ndipo inu munatsegula zinayi mu uthenga umodzi.

Liwu limene linawononga kwambiri ndi "tikanaonako". Taliyang'anitsitsani. "Ti" uja akutanthauza ndani? Bambowo akhoza kukhala akudikira inu kuti mubwere kusitolo mukaonere limodzi, ndipo sangakhale olakwa. "Kana" uja akupangitsa nkhaniyo kukhala chilakolako chabe, ngati munthu akuti tikanapita ku Cape Maclear tsiku lina. "Kuona" si ntchito yoti munthu anganene kuti waimaliza, chifukwa wosuzumira pakhomo la sitolo waonanso. Kenako "ko" wakumapetoyo akuti pang'ono pokha, osati zonse. Mukawonjezera "kampata" ndi "ndimati", zikumveka ngati ganizo lomwe munali nalo dzulo ndipo mwina mwalisiya kale.

Ma "pepani" awiri aja nawonso achoke. Kuwerenga katundu ndi ntchito yomwe bambowo analembedwera, amalandirira malipiro pakutha pa mwezi. Mukapepesa mukuwauza kuti mukuwasenzetsa katundu wa eni. Ndiye tsiku lomwe mudzawalakwire zenizeni, mwina mwawachedwetsera tchuthi, pepani wanu adzakhala atasukuluka kale.

Ndikanakhala inu ndikanalemba chonchi:

"Mwaswera bwanji bambo? Chonde muwerenge katundu yense wa m'sitolo, zakudya ndi zakumwa zomwe, ndipo munditumizire mndandanda wa zomwe zatsala ndi zomwe zatha pofika 9 koloko mawa Lachisanu m'mawa. Galimoto yokagula katundu ku boma inyamuka 10 koloko. Ngati pali chokulepheretsani mundiuze lero musanaweruke. Zikomo."

Mwano uli pati pamenepa? Moni ulipo, bambo alipo, chonde mmodzi, zikomo mmodzi. Ndasankha "muwerenge" osati "werengani" dala. Onse ndi aulemu, koma "werengani" pa foni, popanda nkhope ndi mawu ofewetsa, amamveka ngati lamulo la kupolisi, makamaka kwa munthu wamkulu. "Muwerenge" ndi wofatsa koma sasiya mpata wokayika kuti ntchitoyo ichitike kapena ayi. Pewaninso "mungawerenge?" chifukwa limenelo ndi funso, ndipo munthu akhoza kuyankha kuti eya ndingathe, n'kukhala pansi.

Mzere wa galimoto uja musauone ngati wongokometsera. Ndi umene ukugwira ntchito yomwe inu mumafuna kuti ma pepani agwire. Munthu wamkulu savutika kutumidwa ndi wamng'ono akadziwa chifukwa chake. Akaona kuti 9 koloko siinangochokera m'mutu mwa madamu, koma galimoto ikapita popanda mndandanda ndiye Loweruka alendo apempha chakumwa chozizira n'kupeza mulibe, amaiona ntchitoyo kuti ndi yake. Komanso kunoko tonse tikudziwa kuti Lachisanu masana masitolo ena pa boma amayamba atseka eni ake akapita ku mzikiti, choncho bambowo amvetsa okha chifukwa chake galimoto ikulawirira. Chifukwa chikhale chimodzi, chachifupi. Mukayamba kufotokoza zitatu zinayi mwabwereranso kopepesa kuja.

Mzere womaliza ndi khomo lokhalo lomwe ndasiya, ndipo ndi losiyana ndi "musadandaule" wanu. Silikuti akhoza kusiya. Likuti ngati pali vuto, mwina makiyi ali ndi wina kapena mawa ali pa ofu, alinene nthawi ikadalipo. Anthu athu ambiri sangauze bwana kuti sizitheka pokhapokha atapatsidwa poyambira.

Mudziwa bwanji kuti uthenga wamveka? Onani yankho. "Chabwino madamu" kapena kachala kokweza kaja kamangotanthauza kuti ndawerenga, ndipo ndimakulemekezani. Yankho la munthu amene wagwira nkhani limakhala ndi kanthu mkati: "Ndiyamba ndi zakumwa madzulo ano", kapena funso loti "Za mufiriji nazonso?" Akangoti chabwino, mukakumana nawo pabwalo afunseni kuti, "Bambo, 9 koloko ija ikwanira?" Funso limeneli silinyoza, koma limamukakamiza munthu kuyerekeza ntchitoyo ndi nthawi yomwe ali nayo.

Sikuti mawu ofewa aja ndi oletsedwa. Ali ndi malo ake, pamene munthu alidi ndi ufulu wokana. Mukafuna kuti atsalire ataweruka, abwere pa tsiku lawo lopuma, kapena akugulireni usipa wa kunyumba kwanu pobwera kuntchito, pamenepo nenani "ngati mungathe", ndipo akakana musakwiye. Dzifunseni musanatumize: akapanda kuchita, ndidzawafunsa chifukwa? Ngati eya, chotsani "ngati nkotheka". Ubwino wake ndi wakuti antchito amazolowera kusiyanitsa pempho lanu ndi ntchito, osachita kulota.

Chenjezo limodzi, poti ena akamva malangizo otere amalumphira tsidya lina. Ndaonapo mameseji a "Stock mawa 9" opanda moni, ena olembedwa m'zilembo zikuluzikulu, ena oponyedwa pa gulu la antchito onse kuti aliyense aone bambo wa imvi akutumidwa. Zimenezo ndiye mwano weniweni, ndipo ntchito imachitika koma mokoka miyendo. Bambowa alembereni kumbali, kapena pitani kusitolo komweko mukanene pakamwa, meseji itsatire pambuyo ngati chikumbutso.

Za Lolemba zija musazikumbe. Mukayamba ndi "paja ndinakuuzani" adzatsegula foni n'kukuwerengerani mawu anu omwe, ndipo mlandu mudzaluza. Tumizani uthenga watsopanowu lero lisanade, kuti akhale ndi madzulo ano ndi m'mawa wa mawa owerengera.