Kalata yosiyira ntchito ya pa sitima: musalembe ngati simudzabwereranso

*Ndine injiniya wachiwiri pa sitima yapanyanja yonyamula katundu. Amayi ku Chilenje adwala sitiroko, ndipo mkazi wanga sangathe yekha ndi ana. Pa kontirakiti ya miyezi 6 ndagwira 4. Kalata ndilembe bwanji?*

Pepani ndi matendawa, achimwene. Musanagwire cholembera, werengani kontirakiti yanu pamene akunena za notisi. Pangano la mayiko loteteza ogwira ntchito panyanja la MLC 2006 limati notisi isachepere masiku 7, koma makampani ambiri amafuna yotalikirapo. Pangano lomwelo limalola notisi yaifupi popanda chilango ngati kunyumba kwagwa vuto lalikulu, malinga ndi malamulo a dziko limene sitimayo inalembetsedwa. N'chifukwa chake mawu akuti "pa zifukwa zanga" sindiwafuna m'kalatamo. Tchulani matendawo, ndipo akazi anu atumize kalata ya dokotala muiphatikize. Popanda umboniwo kampani ikhoza kunena kuti mwadula kontirakiti mwakufuna kwanu, tikiti yofikira ku Lusaka n'kukhala ya m'thumba mwanu, mwinanso ndi ya wodzakulowani m'malo.

Kalatayo ipite kwa kaputeni kudzera kwa injiniya wamkulu, kope lina ku ofesi imene inakulembani ntchito. Mfundo zake, m'chilankhulo cha pa sitimapo, zikhale izi:

"Ndikupereka notisi yosiya ntchito kuyambira lero chifukwa amayi anga adwala kwambiri, kalata ya dokotala ndi iyi. Ndikupempha kutsika pa doko loyamba limene wondilowa m'malo angakwerepo. Ndigwira ntchito mpaka ndim'patsire zonse. Ndikupemphanso malipiro otsala, ndalama za tchuthi ndi ulendo wobwerera kwathu."

Basi. Madandaulo a ovataimu kapena mkangano ndi injiniya wamkulu asalowemo. Ndipo ngakhale mtima uwawe bwanji, musatsike kaputeni asanakumasuleni, chifukwa sitima siyenera kunyamuka popanda wachiwiri, ndiye adzakulembani kuti munathawa.

Chimene ambiri amaiwala ndi mapepala. Buku lanu la panyanja lidindidwe masiku okwera ndi otsika, ndipo injiniya wamkulu asayine kalata yonena udindo wanu, mtundu wa injini ndi mphamvu yake m'makilowati. Kuifuna muli kale ku Chilenje n'kovuta, iye atasamukira sitima ina.

Satifiketi ya STCW, yokulolani kugwira udindo wanu pa sitima, imatha pa zaka 5, ndipo poikonzanso amafuna miyezi 12 ya panyanja m'zaka 5 zapitazo. Tinene kuti yanu ikutha mu Malichi 2027 ndipo mwatsika mu Juni 2025: ngati miyezi 12 ija yakwana, konzani satifiketiyo nthawi yake isanadutse. Mukadikira mpaka 2031 idzakhala itafufutika yonse, mudzayamba mwadutsa kosi kapena mayeso. Kalata ya chipatala yotsimikiza kuti muli ndi thanzi logwirira ntchito panyanja imatha pa zaka 2 zokha.

Mukakhazikika, kalembetseni ku bungwe la mainjiniya la EIZ. Mafakitale a kuno ali ndi majenereta ndi maboila, ndipo kalata ya makilowati ija ndi imene ingawasonyeze kukula kwa makina amene munkayendetsa.