Wotchi ya agogo: nambala ya pa chivundikiro si ya chaka

"A malume, wotchi ya m'thumba ya malemu agogo ija ndaitsegula. Pa chivundikiro pali nambala 318452, ndipo pa intaneti ikuti Waltham ya 1867. Ndi zoona? Zithunzi ndaponya m'gulu muno."

Eee mphwanga, ndaziona zithunzi zako zonse zinayi. Ayi, 1867 iwala. Nambala yomwe wawerengayo ndi ya chikhokho, osati ya makina. Mawotchi a ku Amereka a nthawi imeneyo, makina ankapangidwa ku fakitale ina, chikhokho ku fakitale ina, aliyense ndi manambala ake. Zimakumana pambuyo pake, kwa ogulitsa. Ndiye mndandanda wa manambala ndi zaka wa kampani ya Waltham umagwira nambala yozokotedwa pa makina penipeni basi. Ukalowetsa ya pa chivundikiro, ukupatsabe chaka, koma cha wotchi ya munthu wina.

Ngakhale usanafike pa manambala, wotchiyo yokha ikukana. Yako umaiwayinda ndi kamutu kali pamwamba paja, mkati mwa mphete yokolekera tcheni. Waltham ya m'ma 1860 inkawayindidwa ndi kiyi. Ukatsegula kumbuyo umapeza kabowo pa chivundikiro chamkati, ndi kachitsulo ka ngodya zinayi kolowetsapo kiyiyo. Pa chithunzi chako chachiwiri chivundikiro chamkaticho chili see, chopanda bowo. Apo pokha nkhani ya 1867 yatha.

Tsono tsegula chithunzi chachitatu, cha makinacho. Chikuze. Pa chitsulo chophimba mawilo, pafupi ndi polemba kuti Traveler, pali nambala ya manambala asanu ndi atatu. Ine ndikuwerenga 20431876. Chithunzicho chawala kwambiri, ujambulenso pa windo masana, osayatsa tochi ya foni, chifukwa 3 ndi 8 zimasokoneza pa chitsulo chonyezimira. Koma manambala awiri oyambawo akuoneka bwinobwino, 20 miliyoni.

Waltham inafika pa 10 miliyoni cha m'ma 1901, pa 20 miliyoni cha m'ma 1915, pa 30 miliyoni cha m'ma 1939. Yako yangodutsa pang'ono 20 miliyoni, ndiye tinene 1915 kapena 1916. Usaumirire chaka chimodzi. Ku fakitale ankapatula manambala ambiri nthawi imodzi kuti akhale a mtundu umodzi wa makina, ndipo ena ankatha chaka, mwina ziwiri, asanamalizidwe ndi kutumizidwa. Zaka za m'mindandandazi n'zoyerekeza.

Nambala yomweyo ukailembe pa tsamba la pa intaneti la Pocket Watch Database, usankhe Waltham. Koma usangotenga chaka n'kutseka. Idzakuuzanso dzina la makina, kukula kwake ndi kuchuluka kwa miyala, ndiye uzifanizire ndi zomwe zili m'manja mwako. Traveler yotereyi kawirikawiri ndi saizi 16, kutanthauza kuti makina okha ndi mamilimita 43 ndi pang'ono m'mimba mwake, ndipo imakhala ndi miyala 7. Miyala ndi timikanda tofiira tija tomwe nsonga za mawilo zimazunguliramo. Ya miyala 7, kamwala umakaona pa wilo logwedezeka lija lokha, mawilo enawo nsonga zake zili m'mabowo a chitsulo chabe. Umu ndi mmene yako ikuonekera. Ikadakhala ya miyala 15, ukadaona tofiira tina pa mawilo apakatiwo. Ndiye tsambalo likati miyala 17 pomwe iwe ukuona kamodzi, dziwa kuti nambala waiwerenga molakwa, bwerera. Ndipo ukaona palembedwa Model 1908, chimenecho ndi chaka chomwe kapangidwe kameneko kanayamba. Anapitiriza kupanga zaka zambiri pambuyo pake. Anthu ambiri amakodwa pamenepa.

Tibwerere ku chivundikiro chija, chifukwa nambala yake ilibe ntchito koma tizidindo tili pamwamba pake n'tofunika kwambiri. Zilembo A.L.D. ndi za kampani ya Dennison ya ku Birmingham, ku Mangalande, yomwe inkapangira Waltham zikhokho za makina obwera ku Mangalande. Pambali pake pali tizidindo titatu. Mkango woyenda ukunena kuti ndi siliva, magawo 925 pa 1000. Nangula akunena kuti silivayo anayesedwa ku Birmingham. Kukadakhala ku London ukadaona mutu wa kambuku. Kachitatuko ndi chilembo cha chaka, ndipo chako ndi r wamng'ono.

Ku Birmingham anayamba ndi a wamng'ono mu 1900, n'kumapita chilembo chimodzi chaka chilichonse, koma j anamudumpha. Werenga ndi zala: i ndi 1908, k ndi 1909, p ndi 1914, q ndi 1915, r ndi 1916. Chilembo ankasintha mu Julaye, osati mu Januwale, choncho r akuyambira pakati pa 1916 mpaka pakati pa 1917. Chenjera apa: zilembo zimabwereza pakatha zaka 25. Mzere wa 1875 mpaka 1899 unalinso wa zilembo zazing'ono koma zokhotakhota zachikale zija, wa 1925 unali wa zilembo zazikulu. Wako ndi r wamba, ngati wa m'nyuzipepala.

Waona mmene zagwirizanira? Makina 1915 kapena 1916 ku Amereka, chikhokho 1916 kapena 1917 ku Birmingham. Kusiyana kwa chaka chimodzi kapena ziwiri n'koyenera, makina ayende panyanja, adikire chikhokho. Ine ndinganene kuti wotchiyo inafika pogulitsa cha m'ma 1917. Lusaka nthawi imeneyo asanakhale likulu, boma lidakali ku Livingstone. Agogo ayenera kuti anaigula kwa munthu kapena anachita kupatsidwa pambuyo pake, zimenezo ufunse azakhali ako.

Chimodzi chokha chomwe zithunzi sizikuonetsa, ndipo uchiyang'ane wekha. Makina amagwiridwa ndi tisikuluwu tiwiri m'mphepete, mitu yake imakanikiza mkombero wa chikhokho n'kusiya kachipsera kozungulira. Tenga galasi lokuzira, uzungulire mkombero wonse. Ukapeza zipsera zina pamalo popanda sikuluwu, ndiye kuti m'chikhokhomo munakhalapo makina ena kale. Poti zaka zagwirizana chonchi sindikuyembekeza kuti uzipeza, komabe yang'ana. Timanambala tokandidwa ndi singano mkati mwa chivundikiro, tija tikuoneka pa chithunzi chomaliza, ndi ta amisiri omwe ankaikonza. Aliyense ankalemba m'njira yake, nthawi zina tsiku, nthawi zambiri nambala ya m'buku lake. Sitikuuza chaka chopangidwa.

Ndipo chonde, mphwanga, usaiwayinde kuti uonetse anzako kuti ikuyenda. Mafuta a mkatimo anauma kalekale, asakanikirana ndi fumbi, ndipo ya miyala 7 nsonga zake zimadya mabowo achitsulo aja msanga. Usapukutenso chivundikiro ndi mankhwala owalitsira zitsulo, r uja akafufutika umboni wapita. Ukafuna kupita nayo m'tauni, ku Cairo Road kapena ku Kamwala, funsa kaye ngati mmisiriyo amamasula wotchi yowayinda yonse n'kuitsuka chidutswa chimodzichimodzi. Ambiri masiku ano ntchito yawo ndi yosintha mabatire. Tumiza chithunzi cha nambala chija ukajambulanso, ndi china cha mkombero, ndizione.