Ndalama za achimwene a ku Joni: kodi a MRA ali ndi gawo?

"Achimwene anga ali ku Cape Town, amanditumizira ndalama pa Mukuru mwezi uliwonse. Zina ndi za amayi, zina ndi zomangira nyumba yawo, zina amati ndi zanga chifukwa ndimayang'anira amisiri. Mnzanga wandiopseza kuti ndidzagwidwa ndi msonkho. Ndi zoona?"

Achemwali, kalata yanuyi ndinaiwerenga kawiri, chifukwa zimenezi ndinadutsamo ineyo kwa zaka zitatu.

Mng'ono wanga atapita ku Joni, ine ndi amene ndinasanduka thumba la banja lonse. Mwezi ukatha ankatumiza K600,000. Pa ndalamayo, K250,000 inali ya chakudya ndi mankhwala a mayi athu, K200,000 ya simenti ndi malata omangira nyumba yake, ndipo K150,000 ankati ndi yanga poti Loweruka lililonse ndinkakhala pa pulotipo kuwerenga matumba ndi kukangana ndi amisiri. Zonsezi zinkalowa mu akaunti imodzi, momwenso munkalowa malipiro anga a kuntchito. Sindinkalemba chilichonse. Ndinkati za pachibale salembera.

Tsiku lina a kubanki anandifunsa kuti ndifotokoze komwe ndalamazi zikuchokera. Mtima unagunda, ndinkaganiza kuti basi, a msonkho andipeza. Koma funso limene lija silinali la msonkho. Mabanki amakakamizidwa ndi lamulo lothana ndi kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo kuti adziwe gwero la ndalama za makasitomala awo. Chomwe chinandipweteka kwambiri chinabwera pambuyo pake, pamaliro ena kumudzi, azakhali atanena pagulu kuti ndikudya ndalama za mwana wa eni. Ndinalibe pepala ngakhale limodzi lodzitetezera. Mpaka lero ndimawawidwa nazo, ndipo ndikunena mosabisa kuti mwambo wathu woopa kulemba ndalama za pachibale wapasula mabanja ambiri.

Ndipamene ndinakhala pansi n'kuphunzira kuti K600,000 ija inali ndalama za mitundu itatu, ngakhale inkabwera pa risiti imodzi.

Ya mayi ija inali mphatso. Mayi sanagwire ntchito, sanagulitse kanthu, mwana wawo anangowapatsa. Msonkho wa pa zopeza umadulidwa pa zimene munthu wapeza pogwira ntchito, pochita bizinesi, pa lendi kapena pa chiwongoladzanja, ndipo thandizo la mwana kwa kholo silili m'gulu limenelo, ngakhale litamabwera mwezi uliwonse. Ya simenti sinali yanga n'komwe, inkangodutsa m'manja mwanga.

Yachitatu ija ndi imene anthu safuna kumva. K150,000 ndinkailandira chifukwa cha ntchito, ndipo ndikadasiya kupita ku puloti ikadasiyanso kubwera. Amenewo ndi malipiro, kaya tiwatche "ya sopo" kapena "kangachepe". Malawi amadula msonkho poona komwe ndalama yapangidwira, ndipo ntchito ine ndinkaigwira kuno, ndiye zoti wolipirayo ali ku Joni sizisintha kanthu. Pachaka inali K1,800,000. Gawo loyamba la zopeza limene silidulidwa msonkho linali litathera kale pa malipiro anga a kuntchito, choncho ndalamayi inkakwera pamwamba pake, ndipo ndinkayenera kuinena kwa a MRA. Amene amati ndalama iliyonse yochokera kunja ilibe msonkho akunamiza anzawo, ndipo zimandikwiyitsa ndikamva akuuza azimayi osauka zimenezi motsimikiza.

Pali chinanso. Mphatso ikabala, chimene yabalacho chimakhala ndi msonkho wake. Nyumba ija itatha tinaikamo munthu wa lendi, ndipo lendiyo ndi ndalama yopangidwa ku Malawi, ngakhale mwini nyumba ali kunja. Mukatsegula golosale ndi ndalama ya mphatso, phindu lake ndi la bizinesi. Ndipo musasokoneze ndalama ndi katundu: foni kapena firiji yotumizidwa ngati mphatso ikhoza kulipitsidwa msonkho wa pachipata.

Achimwene anunso afunse kumene aliko. Ku South Africa kuli msonkho wa pa mphatso wa 20 peresenti, umene amalipira wopereka akapyola malire a pachaka, ngakhale ndalama yosamalira munthu amene amadalira iwo siiwerengedwa chimodzimodzi.

Tsono muchite chiyani

Dzifunseni pa ndalama iliyonse: ndikasiya zimene ndikuchitazi, idzabwerabe? Ikamabwerabe ndi mphatso, ikasiya ndi malipiro. Ya amayi izipita pa nambala yawo ya Airtel Money kapena Mpamba, ya nyumba ikhale ndi kope lake ndi malisiti, ndipo achimwene azilemba pa WhatsApp kuti iyi ndi ya chakuti. Yanu ija muiwonkhetse kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 31 Malichi, mupite nayo ku ofesi ya MRA, mutenge TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ngati mulibe, akuwerengereni ngati yapyola malire.