Karezisita ka mizere 5: ndi 110 kapena 1000?

"Akulu, ndayamba kumene kuphunzira zokonza mawailesi ndi nyale za sola. Ndili ndi karezisita ka buluu ka mizere isanu: bulauni, wakuda, wakuda, bulauni, bulauni. Ine ndikawerenga ndikupeza maomu 110, mnzanga akuti ndi 1000. Tatsutsana mpaka kutopa. Walakwa ndani? Ndikufuna kukaika pa babu laling'ono la LED lomwe liziyaka ndi batire ya 12V."

Achimwene, mwa awirinu palibe amene waphonya manambala a mitundu. Mwangoyambira mbali zosiyana, ndipo karezisita kameneka kali m'gulu la timene timapusitsa ngakhale anthu amene agwira ntchitoyi zaka zambiri. Koma tisanafike pa kanuko, tiyambe ndi ta mizere inayi, chifukwa timeneto ndi timene timaphunzitsa diso.

Mtundu uliwonse umaimira nambala. Wakuda ndi 0, bulauni 1, wofiira 2, olenji 3, wachikasu 4, wobiriwira 5, buluu 6, pepo 7, wotuwa 8, woyera 9. Mukaona bwino, kuchokera pa wofiira kukafika pa pepo mitunduyi yandondozana ngati ya utawaleza, choncho chongoloweza ndi ziwiri zoyambirira ndi ziwiri zomalizira. Lembani pa kapepala, mumate pakhoma pamwamba pa tebulo lanu logwirirapo ntchito.

Tengani karezisita kamene thupi lake n'lotuwira ngati khaki, kokhala ndi mizere iyi: wachikasu, pepo, wofiira, wagolide. Mzere wagolide muuike kudzanja lamanja, muyambe kuwerenga kumanzere. Mizere iwiri yoyambirira ndi manambala enieni, 4 ndi 7, ndiye kuti 47. Mzere wachitatu si nambala yoti muilembe, koma ukukuuzani kuchuluka kwa maziro oti muwonjezere. Wofiira ndi 2, ndiye maziro awiri: maomu 4700, amene pa mapepala a zojambula za mawaya amalembedwa 4.7k kapena 4k7. Wagolide uja akunena kuti fakitale inalola kuti karezisitako kaphonye ndi 5 peresenti, kupitirira kapena kuperewera. Ndiye mukayeza n'kupeza chilichonse pakati pa 4465 ndi 4935, kali bwinobwino, musakataye. Mzerewo ukakhala wasiliva, kuphonyako ndi 10 peresenti.

Pa mzere wachitatuwu ndi pamene ongoyamba kumene ambiri amagwa. Akaona bulauni, wakuda, wakuda, wagolide, amalemba 1, 0, 0 n'kunena kuti ndi 100. Ayi ndithu. Wakuda ali pamalo a maziro akutanthauza kuti musawonjezere ziro ngakhale imodzi, choncho ndi maomu 10 okha. Wa 100 ndi bulauni, wakuda, bulauni.

Ta mizere inayi sitivuta kudziwa koyambira, chifukwa golide ndi siliva sangakhale mzere woyamba. Vuto limabwera pa ta mizere isanu ngati kanuko. Pamenepa manambala enieni ndi atatu, mzere wachinayi ndi wa maziro, wachisanu ndi wa kuphonya. Ndipo pa timarezisita ta buluu timeneti mzere wa kuphonya kawirikawiri umakhala bulauni, kutanthauza 1 peresenti. Bulauni yemweyo akhozanso kukhala nambala yoyamba, ndiye nsonga zonse ziwiri zimaoneka ngati poyambira.

Mnzanuyo wawerenga bulauni, wakuda, wakuda, bulauni, bulauni. Ndiye 1, 0, 0, kenako ziro imodzi yowonjezera: 1000. Inu mwakatembenuza, mwawerenga bulauni, bulauni, wakuda, wakuda, bulauni. Ndiye 1, 1, 0, popanda ziro yowonjezera: 110. Nthawi zambiri munthu ukawerenga chammbuyo umapeza nambala yachilendo imene mafakitale sakonda kupanga, ndipo umadziwa kuti wazondotsa. Manambala ofala kwambiri amayamba ndi 10, 12, 15, 18, 22, 27, 33, 39, 47, 56, 68 ndi 82. Koma apa njira imeneyi sikuthandizani, chifukwa rezisita ya 110 nayonso imapangidwa ndipo imagulitsidwa.

Choyamba kuchita n'kuyang'ana mipata ya pakati pa mizere. Tulukani nako panja masana, kapena mukajambule ndi foni n'kuchikulitsa chithunzicho. Mizere inayi imakhala yoyandikana, ndipo wachisanu, wa kuphonya uja, umakhala patali pang'ono pawokha, nthawi zina ndi wonenepako. Umenewo upite kumanja. Ngati mzere wapawokhawo uli ku mbali imene kuli mabulauni awiri otsatizana, mnzanu ndiye walondola. Ndikanati ndisankhe ndisanakaone, ndikanatsamira kwa iyeyo, chifukwa 1k ndi rezisita yofala kwambiri, imapezeka pafupifupi pa bodi iliyonse. Koma ena mwa timarezisita totsika mtengo anatipenta mizere yotalikirana mofanana, ndipo pamenepo diso silingagamule mlandu.

Wogamula ndi mita yoyezera. Tembenuzani chosankhira chifike pa chizindikiro cha maomu, Ω, pa 2k kapena 2000 malinga ndi mmene mita yanu inalembedwera. Gunditsani mawaya awiriwo ku miyendo ya karezisita, mbali iliyonse, popeza rezisita ilibe kutsogolo kapena kumbuyo pa kayendedwe ka magetsi. Ngati ndi 1000 ya 1 peresenti, iyenera kukhala pakati pa 990 ndi 1010, ndipo pa 2k muona zinthu ngati .998 kapena 1.003. Ngati ndi 110 muona pafupi ndi .110. Mukaika pa 200 n'kuona 1 yekha kumanzere kwa galasi, kapena OL, sikuti kafa. Mita ikungonena kuti rezisitayo yaposa 200, zimene zikutsimikizanso kuti si 110.

Zolowerani kusagwira zitsulo zonse ziwiri ndi zala poyeza. Pa 1k sizisintha kwenikweni, koma pa marezisita akuluakulu ngati 470k thupi lanu limatenga gawo la magetsi ndipo nambala imatsika. Komanso ngati rezisita ili pa bodi, zimitsani magetsi, muchotse batire, ndipo mudzutse mwendo umodzi musanayeze. Mukapanda kutero mumayezera limodzi ndi zina zonse zolumikizana nayo, ndipo mumapeza nambala yochepa kuposa yeniyeni.

Chimene chandichititsa kutalikitsa chonchi ndi babu lanu lija. LED yofiira yaing'ono imatenga pafupifupi 2V, ndiye pa batire ya 12V rezisita imatsala ndi 10V. Kuti mupeze kuchuluka kwa magetsi odutsa, I, gawani mavoti otsalawo, V, ndi maomu a rezisita, R, motere:

```
I = V / R
10 / 1000 = 0.010 A  (10 mA)
10 / 110  = 0.091 A  (91 mA)
```

Ma LED ang'onoang'ono wamba amafuna osapitirira 20 mA. Ndi 1000, babulo liwala bwino ndipo likhalitsa. Ndi 110, mukulidyetsa magetsi oposa kanayi muyezo wake, ndipo silichedwa kupsa. Karezisita nakonso katentha, chifukwa kadzakhala kakusenza pafupifupi 0.9W pomwe ting'onoting'ono tambiri timapirira 0.25W basi. Mphamvu yopirira kutenthayi mizere siinena, mumaidziwira pa kukula kwa thupi lake.

Ine zinandionekerapo ndikuyamba kumene. Ndinkakonza wailesi ya azakhali anga usiku ndi kanyale kothima pang'ono, ndipo mzere wa olenji ndinauona ngati wofiira. Ndinaika 47k pamalo pofunika 4.7k, wailesi n'kumangolankhula chapansipansi, ine n'kutha masiku awiri ndikukayikira ziwiya zina zosalakwa. Pa thupi la buluu, bulauni, wofiira ndi olenji zimayandikana kwambiri, ndipo rezisita imene inatenthapo mitundu yake imasintha, wofiira n'kusanduka ngati bulauni. Yoteroyo musaikhulupirire ngakhale pa mita, chifukwa kupsako kumasinthanso muyezo wake. Funani nambala yake pa pepala la chojambula cha chipangizocho kapena pa bodi ina yofanana nayo.

Kanuko kayezeni pa 2k musanakawotcherere. Mukapeza kuti ndi 110, kasungeni, mupeze ka 1k. Ka mizere inayi kamakhala bulauni, wakuda, wofiira, wagolide, ndipo kameneko n'kokwanira pa babu limenelo.