Chiganizo choyamba cha imelo yopita kwa munthu amene sakukudziwani

"Ndimaika magiza a sola kuno ku Mzuzu. Mwezi watha ndinatumiza maimelo 30 kumaloji a mutauni muno ndi ku Nkhata Bay, koma palibe ndi mmodzi yemwe wandiyankha. Onse ndinayamba ndi kunena kuti ndaona ntchito yabwino imene akugwira. Kodi ndiyambe bwanji kuti aone kuti bizinesi yawo ndaifufuzadi?" Wafunsa choncho ndi mnyamata wa ku Chibavi.

Achimwene, tengani chiganizo chanu choyambacho, mufufutepo dzina la loji ya ku Katoto n'kulembapo la loji ya ku Nkhata Bay. Ngati chikumvekabe bwinobwino, vuto ndi lomwelo. Mwini loji amalandira makalata a ogulitsa sopo, a mabedi, a inshuwalansi, ndipo ambiri amamuyamikira ndi mawu omwewo. Akangoona, amadziwa kuti ndi chakudya cha pamaliro, chophikira aliyense wobwera. Chiganizo chimene mukufuna ndi choti mukachisamutsira ku loji ina chikhale bodza.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Anthu amenewa amawerenga imelo pafoni, ali pakati pa ntchito zina. Pa Gmail chimaoneka ndi dzina lanu, mutu wa imelo, ndi mawu ochepa oyambirira basi. Mukawononga malo amenewo ndi malonje aatali, munthuyo sadzafika n'komwe pamene pali nkhani. Sindikuti musapereke moni, ayi, ife Amalawi kalata yopanda moni imatinyansa. Koma moniwo ukhale wa mawu awiri kapena atatu, kenako chiganizo chija chibwere pomwepo.

Tsono tiyerekeze kuti mwasankha loji ina ya ku Katoto. Dzipatseni mphindi 20. Yambani ndi tsamba lawo la Facebook, chifukwa mabizinesi ambiri kuno webusaiti alibe, kapena anaisiya kalekale. Musamangoyang'ana zithunzi, yang'anani tsiku la chithunzi chilichonse. Tinene kuti mwapeza chithunzi cha masabata atatu apitawo: akumanga zipinda zisanu ndi chimodzi kuseri, khoma lafika pamalata, pulasitala sanayambe. Kenako pitani pa Google Maps, mutsegule ndemanga za alendo ndi kuzisanja podina Newest kuti zatsopano zikhale pamwamba. Tinene kuti alendo awiri, wina mu Juni wina mu Julayi, anayamikira chakudya koma anadandaula kuti magetsi atazima anasamba madzi ozizira. Aliyense wokhala kuno akudziwa tanthauzo la kusamba madzi ozizira m'mawa wa Julayi ku Mzuzu, nkhungu ili tolo.

Muli ndi zinthu ziwiri m'manja, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Amathamangira ndemanga zija chifukwa zikulunjika pa malonda awo, n'kulemba kuti ndaona alendo anu akudandaula za madzi ozizira. N'zoona, mwafufuza. Koma mwafika pakhomo pa munthu wamkulu amene simunaonanepo, mawu anu oyamba n'kukhala omuyalutsa. Kwathu kuno zimenezo sizidutsa. Ndemangazo zisungeni mumtima, zakuuzani kale kuti vutolo lilipo. Yambani ndi zipinda zatsopanozo, chifukwa ndi chinthu chimene iwo eni anachionetsa poyera monyadira.

Ine ndikanalemba chonchi:

"Moni bambo. Ndaona pa Facebook kuti zipinda zisanu ndi chimodzi zimene mukumanga kuseri zafika pamalata, ndiye ndati ndikulembereni pulasitala asanayambe, chifukwa mapaipi a madzi otentha savuta kulowetsa khoma lisanamatidwe."

Taonani zimene zili m'chiganizo chimenechi. Muli chinthu chowerengeka, zipinda zisanu ndi chimodzi, chimene munthu wongopeka sakanachidziwa. Mwanenanso pamene munachiona, kotero mwini wake sakudabwa kuti mwamva kwa yani. Koma chachikulu ndi mbali yachiwiriyo, ya pulasitala. Kuona chithunzi aliyense angathe. Amene amayang'ana khoma losamatidwa n'kuganiza za mapaipi ndi mmisiri yekha, ndipo mwini loji amazindikira nthawi yomweyo kuti wolembayo ntchito amaidziwa. Mwamupatsanso chifukwa choyankhira sabata ino osati chaka chamawa, pakuti akamata khomalo adzafunika kuligumulanso. Chimene mwapeza pofufuza chiyenera kulumikizana ndi chimene mumagulitsa. Mukawauza kuti mwaona apenta geti lawo labuluu, n'zoona ndithu, koma geti ndi giza n'zosagwirizana, ndipo aona kuti mwangofuna pokhomera msomali.

Ngati mumalemba m'Chingerezi, monga amachitira ambiri polembera maloji, kamangidwe kake n'komweko. Ndipo "bambo" ameneyo mutsimikize kaye. Imbani polandirira alendo mufunse kuti zomangamanga amayang'anira ndani, ndipo imelo yake ndi iti. Maloji ambiri ndi a amayi, ndipo ena mwini wake amakhala ku Lilongwe, pamalopo pali manejala. Imelo yopita ku adiresi imene imayamba ndi info@ kawirikawiri imatsegulidwa ndi wolandira alendo, amene za magiza sizimukhudza.

Za tsiku ndikubwerezanso chifukwa zinandionekera. Nthawi ina ndinalembera mwini shopu ina ya zomangira, ndikumuyamikira potsegula nthambi ku Ekwendeni. Chithunzicho chinali cha zaka ziwiri zapitazo, ndipo nthambiyo inali itatsekedwa, ndalama zambiri zitalowa m'madzi. Anandiyankha mzere umodzi wokha wondiuza zimenezo. Zinandipweteka, chifukwa ndinamukanda pabala ndikuganiza kuti ndikumusangalatsa. Kuyambira pamenepo, chinthu chopitirira miyezi itatu sindichigwiritsa ntchito ndisanatsimikize. Ndipo poti Mzuzu ndi tauni yaing'ono, kutsimikizako n'kosavuta: kwerani kabaza mudutse pamalopo. "Ndinadutsa pa loji yanu Lachiwiri ndipo ndinaona akukhoma malata" ndi mawu olemera kuposa chilichonse cha pa intaneti.

Malire akenso alipo. Pofufuza mudzakumana ndi zithunzi za ukwati wa mwana wawo, za kutchalitchi, mwina za maliro. Zimenezo si zanu. Khalani pa zimene bizinesiyo yalengeza yokha: tsamba lake, chikwangwani chake, malonda ake mu The Nation kapena The Daily Times, ntchito zimene ikufunira anthu. Munthu akaona kuti mlendo wafika mpaka m'nyumba mwake, amachita mantha, osati chidwi.

Nanga mphindi 20 zikatha osapeza kanthu? Musapeke. Loji imeneyo isiyeni kaye, kapena mupiteko ndi miyendo mukalankhule ndi manejala. Zikutanthauza kuti maimelo 30 pamwezi atsika, mwina kufika pa 10, ndipo ine ndikuona kuti ndi bwino choncho.

Chiganizo choyambacho chikagwira, zotsatira zikhale zochepa: ndinu ndani, munaikapo kuti magiza, ndi pempho limodzi laling'ono, monga kubwera kudzaona denga kwa mphindi 15. Mitengo isungeni kufikira atafunsa kotesheni. Koma konzekerani funso limene mwini loji aliyense wa kuno adzakufunsani, lakuti nanga masiku a mitambo ndi mvula yamawawa madziwo atentha ndi chiyani. Yankho la giza yokhala ndi chotenthetsera cha magetsi chothandizira dzuwa likasowa likhale pakamwa. Kwa a ku Nkhata Bay, kumene kumatentha, nkhani ya kuzizira singawagwire mtima ngati a ku Katoto, ndiye kumeneko mukafufuze za kuchuluka kwa zipinda ndi ndalama zimene magiza a magetsi amawadyera pa mayunitsi a ESCOM.